Mwana Watsala ndi Zingati? Matebulo Asanu Oyendetsa Ana, Makalasi ndi Fizi

Sukulu zikangotsegulira, funso limene limamveka kwambiri pawindo la abasala ndi limodzi: "Mwanayu watsala ndi zingati?" Yankho lake limafunidwa m'kaundula wa fizi, m'mabuku a marisiti, ndipo nthawi zina mu fayilo ya Excel imene mphunzitsi wina anaikonza asanasamuke. Ndiye sukulu ikaganiza zokhala ndi webusayiti yoti kholo lizionera ngongole pafoni, zokambirana zimathamangira ku mtundu wa tsamba, baji ya sukulu ndi chithunzi cha ahedi. Koma chimene chidzachititse kuti nambala yooneka pafoniyo ikhale yoona kapena yabodza sichioneka ndi maso a kholo. Ndi matebulo amene ali kuseri, mu detabesi, ndi mmene anagawidwira tsiku loyamba.

Tebulo la mu detabesi silisiyana kwenikweni ndi tsamba la rejisitala: lili ndi makolamu otsika, aliwonse ndi mutu wake, ndi mizere yopingasa, uliwonse wonena za chinthu chimodzi. Nzeru yosunga zinthu m'matebulo olumikizana anaifotokoza Edgar F. Codd wa kampani ya IBM mu 1970, ndipo patangopita zaka zochepa anzake awiri a pakampani yomweyo, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anakonza chinenero cholankhulira ndi matebulowo, chimene lero chimatchedwa SQL. Mapulogalamu a detabesi omva chinenerochi alipo angapo aulere, monga MySQL, PostgreSQL ndi SQLite. Zitsanzo za m'nkhani ino zalembedwa motsatira SQLite, imene D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000. Detabesi yake yonse imakhala fayilo imodzi, ndipo kwa sukulu ya ana mazana ochepa ndi yokwanira bwino lomwe.

Munthu wozolowera Excel akapatsidwa ntchitoyi amachita chimene dzanja lake lazolowera. Amapanga tebulo limodzi lalikulu: dzina la mwana, kalasi, mphunzitsi, fizi, zolipira koyamba, zolipira kachiwiri, zotsala. Teremu yoyamba zonse zimayenda. Mavuto amayamba kholo lina likalipira kachitatu, kolamu yake palibe. Amakula mu Seputembala chaka chatsopano chikayamba, pamene ana onse a Fomu 1 asinthidwa kukhala a Fomu 2, ndipo palibenso chosonyeza kuti chaka chatha anali kalasi iti, kapena kuti ngongole imene yawatsatira ndi ya teremu iti. Gwero la zonsezi ndi limodzi: zinthu zosiyana moyo wake zapanikizidwa mumzere umodzi. Dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa sizisintha. Kalasi imasintha chaka ndi chaka. Fizi imabwera teremu iliyonse, pamene malipiro amafika tsiku lililonse limene kholo lapeza kangachepe. Chilichonse mwa izi chiyenera kukhala ndi tebulo lakelake.

Loyamba ndi la ophunzira, ndipo limasunga zokhazo zimene zili za mwanayo payekha.

```sql
CREATE TABLE ophunzira (
  nambala        INTEGER PRIMARY KEY,
  dzina          TEXT NOT NULL,
  dzina_la_banja TEXT NOT NULL,
  tsiku_lobadwa  TEXT,
  foni_ya_kholo  TEXT
);
```

Mawu akuti `PRIMARY KEY` akutanthauza kuti mwana aliyense ali ndi nambala yakeyake imene sidzapezeka pa mwana wina, ndipo matebulo ena onse azimutchula ndi nambalayo. Dzina silingagwire ntchito imeneyi. Aliyense amene anaitanapo mayina m'kalasi ku Malawi akudziwa kuchuluka kwa a Banda, a Phiri ndi a Mwale, komanso kuti Chisomo ndi Chikondi akhoza kukhala anyamata kapena atsikana, awiri m'kalasi imodzi. Ndalama ikalembedwa pa dzina, tsiku lina idzagwera pa mwana wolakwika. Ikalembedwa pa nambala 41, ndi ya mwana nambala 41 basi, ngakhale dzina lake litakonzedwa kalembedwe pokonzekera mayeso a MANEB. Mawu akuti `NOT NULL` nawo amakaniza mzere wopanda dzina kulowa.

Ena angadabwe kuti foni ya kholo yalembedwa `TEXT`, ngati mawu, chonsecho ndi manambala okhaokha. Chifukwa chake ndi ziro wa kumayambiriro. Nambala za foni za m'manja ku Malawi zimayamba ndi 0, monga za 088 ndi 099, ndipo kolamu ya manambala owerengera imamutaya ziroyo chifukwa kwa iyo 099 ndi 99 ndi chimodzimodzi. Chizindikiro cha + pa +265 nachonso chimasowa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati palibe amene adzaphatikize kapena kuchotsera nambalazo, zisungidwe ngati mawu.

Masiku nawo ali ndi msampha wawo. SQLite ilibe mtundu wapadera wa kolamu ya masiku, choncho amalembedwa ngati mawu, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kumalizira tsiku: `2025-09-15`. Akalembedwa mmene timalembera m'kalata, 15/09/2025, kompyuta poika masiku mundondomeko idzaika 01/12/2025 patsogolo pa 15/09/2025, chifukwa imayamba kuyang'ana 01 ndi 15. Disembala amabwera Seputembala asanafike, ndipo lipoti la malipiro limasokonekera.

Tsopano chimene chikusowa pa tebulo la ophunzira ndicho chofunika kuchionetsetsa. Palibe kolamu ya kalasi. Kalasi si chinthu cha mwana ngati tsiku lobadwa. Ndi malo amene akukhala chaka chino chokha. Makalasi akhala ndi tebulo lawo, ndipo pakati pa ana ndi makalasi pakhala tebulo lachitatu lolumikiza awiriwa.

```sql
CREATE TABLE makalasi (
  nambala INTEGER PRIMARY KEY,
  dzina   TEXT NOT NULL,
  chaka   INTEGER NOT NULL,
  UNIQUE (dzina, chaka)
);

CREATE TABLE kulembetsa (
  nambala    INTEGER PRIMARY KEY,
  wophunzira INTEGER NOT NULL REFERENCES ophunzira(nambala),
  kalasi     INTEGER NOT NULL REFERENCES makalasi(nambala),
  UNIQUE (wophunzira, kalasi)
);
```

Pa tebulo la makalasi, Fomu 1 ya chaka choyamba mu 2024 ndi Fomu 1 ya chaka choyamba mu 2025 ndi mizere iwiri yosiyana, ngakhale chipinda chake chili chomwecho. Popeza chaka cha maphunziro chimadutsa zaka ziwiri za pakalendala, sukulu igwirizane kamodzi kuti izilemba chaka chimene maphunziro ayambira, ndipo asapezeke wina wolemba mwanjira ina.

Tebulo la `kulembetsa` limaoneka losauka, manambala atatu okha pa mzere, koma ndi limene lasenza mbiri yonse ya sukulu. Tiyerekeze mwana nambala 41 analowa Fomu 1 mu 2024. Ndi mzere umodzi. Mu 2025 wakwera Fomu 2. Palibe chofufutidwa, pangowonjezedwa mzere wachiwiri. Mnzake nambala 87 wabwereza Fomu 1, ndiye mzere wake watsopano ukuloza ku Fomu 1 ya 2025, ndipo aliyense woyang'ana mizere yake iwiri akuona yekha kuti anabwereza popanda kolamu yapadera yonena zimenezo. Mwana amene wasiya sukulu safufutidwa pa tebulo la ophunzira. Amangokhala wopanda mzere wa chaka chino, ndipo akadzabwera patapita zaka kudzafuna kalata yomuchitira umboni, ahedi adzapeza makalasi onse amene anadutsamo.

Mawu akuti `REFERENCES` ndi mlonda wa kulumikizanaku: salola kulembetsa mwana nambala 500 ngati pa tebulo la ophunzira palibe nambala 500. `UNIQUE` amaletsa mwana kulembedwa kawiri m'kalasi imodzi. Malire ake ndi oyenera kuwadziwa: saletsa mwana yemweyo kulembedwa mu Fomu 1 ndi mu Fomu 2 chaka chimodzi, poti amenewo ndi makalasi awiri osiyana. Sukulu yofuna kutseka mpata umenewu iyenera kuuyang'anira pa tsamba lolembetsera, kapena kuwonjezera chaka pa tebuloli.

Pa ndalama ndi pamene wokonza matebulo ayenera kudekha kwambiri. Pali zinthu ziwiri zimene pakamwa timazitchula pamodzi koma ndi zosiyana: zimene sukulu ikuyembekezera kwa mwana, ndi zimene kholo labweretsa. Choyamba chimalembedwa kamodzi pa teremu. Chachiwiri chikhoza kubwera kamodzi, kasanu, kapena osabwera n'komwe.

```sql
CREATE TABLE fizi (
  nambala    INTEGER PRIMARY KEY,
  kulembetsa INTEGER NOT NULL REFERENCES kulembetsa(nambala),
  teremu     INTEGER NOT NULL CHECK (teremu IN (1, 2, 3)),
  ndalama    INTEGER NOT NULL,
  UNIQUE (kulembetsa, teremu)
);

CREATE TABLE malipiro (
  nambala INTEGER PRIMARY KEY,
  fizi    INTEGER NOT NULL REFERENCES fizi(nambala),
  ndalama INTEGER NOT NULL,
  tsiku   TEXT NOT NULL,
  risiti  TEXT NOT NULL,
  UNIQUE (risiti, fizi)
);
```

Wina anganene kuti fizi ikanangolembedwa pa tebulo la makalasi, poti ana a kalasi imodzi amalipira mofanana. Pa pepala ndi zoona. Pa sukulu yeniyeni pali mwana wa mphunzitsi amene amalipira theka, wina amene bungwe limamulipirira gawo, wina wogonera pomwepo ndi wina woyendera. Palinso kukwera kwa mitengo: fizi ikakwezedwa teremu yachitatu, nambala imodzi ya pa kalasi ikasinthidwa, ngongole za teremu yoyamba nazo zimakwera mwakachetechete kwa ana amene anamaliza kale kulipira. Kulemba mzere wa fizi pa mwana aliyense teremu iliyonse kumaoneka ngati kubwereza, koma mzerewo ukusunga mtengo umene mwana ameneyo anauzidwa nthawi imeneyo, ndipo mtengo wa mawa suukhudza.

Ndalama zalembedwa `INTEGER`, nambala zathunthu, mwadala. Makompyuta akamawerengera tizigawo ta nambala mwanjira yawo yachizolowezi amaphonya pang'ono: m'zinenero zambiri za kompyuta 0.1 kuphatikiza 0.2 amapereka 0.30000000000000004. Kuphonya kotere sikuoneka pa risiti limodzi, koma kukhoza kuchititsa kuti mwana amene wamaliza kulipira asaoneke ndi ziro weniweni. Sukulu imene fizi yake ilibe matambala izingolemba makwacha athunthu. Imene ikufuna matambala izilemba zonse m'matambala, K1 ikhale 100, ndipo tsamba la webusayiti lizigawa poonetsa.

Kolamu ya zotsala palibe pa tebulo lililonse, ndipo apa ndi pamene wolemba mapulogalamu ndi abasala amakonda kusiyana maganizo. Abasala anazolowera kuona nambala ya zotsala kumapeto kwa mzere, ndipo ali ndi chifukwa chomveka: ndiyo imene makolo amafunsa. Koma nambala yosungidwa iyenera kusinthidwa nthawi iliyonse malipiro akalowa, ndipo tsiku limene magetsi adzathime malipiro atalembedwa koma zotsala zisanasinthidwe, kapena wina adzakonze risiti n'kuiwala zotsalazo, detabesi idzakhala ndi mayankho awiri otsutsana. Palibe amene angadziwe loona popanda kuwerengera marisiti onse. Ndiye ndi bwino kungowerengera nthawi zonse, poti kwa kompyuta ntchitoyo sitenga ndi kamphindi komwe.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Fizi ya mwana nambala 41 teremu yoyamba ndi K90,000. Mayi ake alipira K40,000 tsiku lotsegulira, K25,000 kumapeto kwa Okutobala, ndi K10,000 mu Novembala. Pa tebulo la `fizi` pali mzere umodzi, pa tebulo la `malipiro` pali itatu. Zolipidwa ndi K75,000, zotsala K15,000. Funso lopita ku detabesi ndi ili:

```sql
SELECT f.nambala,
       f.ndalama - COALESCE(SUM(m.ndalama), 0) AS zotsala
FROM fizi f
LEFT JOIN malipiro m ON m.fizi = f.nambala
GROUP BY f.nambala, f.ndalama;
```

Mizere isanuyi ikuzemba maenje awiri amene ophunzira SQL ambiri amagweramo, ndipo onse awiri sabweretsa uthenga uliwonse wochenjeza. Funso limayenda, nambala imatuluka, koma ndi yabodza.

Dzenje loyamba lili pa kuphatikiza. Detabesi ikalumikiza matebulo awiriwa, mzere umodzi wa fizi umakoperedwa pambali pa malipiro aliwonse, ndiye K90,000 imaoneka katatu. Wolemba akalemba `SUM(f.ndalama)` m'malo mwa `f.ndalama` yekha, fizi ya mwanayo imasanduka K270,000, ndipo atachotsa K75,000 tsamba limauza mayi aja kuti atsala ndi K195,000. Chizindikiro cha vutoli ndi chachilendo koma chosavuta kuchizindikira: amene analipira kamodzi nambala zawo zili bwinobwino, pamene olipira pang'onopang'ono ngongole yawo ikukula nthawi iliyonse akabweretsa ndalama. Woyesa pulogalamu ndi ana olipira kamodzi okha sadzaliona vutoli mpaka makolo atafika pa ofesi ndi marisiti m'manja.

Dzenje lachiwiri ndi loopsa kuposa loyamba chifukwa palibe kholo limene lidzabwere kudzadandaula. Likukhudza mwana nambala 87, amene sanalipirepo ngakhale kwacha imodzi. Iye alibe mzere uliwonse pa tebulo la `malipiro`. Funso likalembedwa ndi `JOIN` wamba, detabesi imangoonetsa mizere ya fizi imene yapeza mnzake ku malipiro, ndiye mwana wa ngongole yaikulu kuposa onse amasowa pa mndandanda wa angongole. `LEFT JOIN` amalamula kuti mzere uliwonse wa fizi uonekere, kaya wapeza malipiro kapena ayi. Komabe ntchito sinathe. Kwa mwana ameneyu kuphatikiza kwa malipiro sikupereka ziro; kumapereka `NULL`, kutanthauza kuti palibe chodziwika, ndipo K90,000 kuchotsa `NULL` yankho lake ndi `NULL`. Pa tsamba pamangooneka mpata wopanda kanthu, umene munthu wotopa angauwerenge ngati palibe ngongole. `COALESCE` ndi amene amaika ziro pamalo pa `NULL` kuti K90,000 ituluke yonse. Njira yachidule yodziwira ngati lipoti lataya ana ndi kuwerenga mizere yake: iyenera kufanana ndi chiwerengero cha mizere ya pa tebulo la `fizi`.

Nkhani ya risiti ili ndi kakhonde kake. Nzeru yoyamba imati nambala ya risiti isabwerezedwe n'komwe, kuti kalaliki asalowetse malipiro amodzi kawiri, zimene zimachitika mosavuta netiweki ikachedwa iye n'kudina batani kachiwiri. Koma masiku ano makolo ambiri amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo bambo wa ana awiri pa sukulu imodzi amatumiza kamodzi ndalama za onse awiri. Uthenga wake uli ndi nambala imodzi, koma uyenera kugawidwa pa mizere iwiri. N'chifukwa chake tebulo lija likuletsa kubwereza risiti pa fizi imodzimodziyo, koma likulola risiti limodzi kuonekera pa ana awiri. Mtengo wa ufulu umenewu ndi wakuti detabesi siingadziwe ngati zigawo ziwirizo zikukwana ndalama imene inatumizidwadi. Sukulu imene malipiro otere ndi ochuluka idzafunika tebulo lachisanu ndi chimodzi la marisiti paokha, koma yaing'ono ikhoza kuyamba popanda ilo, abasala n'kumayerekeza ndi sitetimenti kumapeto kwa sabata.

Kalaliki akalakwitsa, mwachitsanzo walemba K52,000 m'malo mwa K25,000, dzanja limafuna kufufuta mzerewo. Njira yabwino ndi imene owerengera ndalama akhala akuchita m'mabuku awo: mzere wolakwikawo ukhale, palembedwe wina wa −52,000 wokhala ndi nambala yake ya risiti yosonyeza kuti ndi wobweza, kenako wachitatu wa 25,000, nawonso wokhala ndi nambala ya risiti yosiyana ndi ya mzere wolakwika uja. Funso lija lidzaphatikiza itatu yonse n'kupeza yankho loona, ndipo komiti ya sukulu ikadzafuna kuona mabuku idzapeza zonse zimene zinachitika. Pa ndalama za anthu, tebulo limene mizere yake imatha kusowa popanda chizindikiro limaika ngakhale kalaliki wokhulupirika pa mlandu umene sangathe kudziyeretsa.

Pali chinthu china chokhudza SQLite chimene chimapunthwitsa ngakhale odziwa. Mawu onse aja a `REFERENCES` imawalandira, koma siwatsatira pokhapokha itauzidwa, ndipo iyenera kuuzidwa nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula detabesi:

```sql
PRAGMA foreign_keys = ON;
```

Popanda mzere umenewu, munthu akhoza kufufuta mwana amene ali ndi malipiro, malipirowo n'kutsala amasiye, akuloza nambala imene kulibenso. Kuyesa kwake n'kosavuta. Wokonza alembetse mwadala mwana nambala 9999 amene kulibe. Detabesi ikakana, mlonda ali maso. Ikavomera, ndiye kuti mzere uja waiwalika. PostgreSQL imatsatira malamulowa yokha popanda kuuzidwa.

Matebulo akakonzeka, webusayiti iyenera kulankhula nawo, ndipo mayina athu omwe amavumbula msanga pulogalamu yolembedwa mosasamala. Mu SQL mawu amatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri ta ', kachizindikiro komweko kamene kali mu Ng'ambi, Ng'oma ndi M'bwana. Pulogalamu imene imangomata dzina lolembedwa pa tsamba m'kati mwa funso imatumiza `'Ng'ambi'`, detabesi n'kuganiza kuti dzina lathera pa Ng, ndipo zotsatirazo n'kuziwerenga ngati lamulo losamveka. Kalaliki amaona uthenga wa cholakwika n'kuyamba kulemba Ngambi kuti zidutse. Koma tsamba limene lalephera pa Ng'ambi lili ndi chiboo chachikulu kuposa pamenepo, chifukwa munthu wa zolinga zoipa akhoza kulemba lamulo lenileni la SQL m'bokosi la dzina, detabesi n'kulimvera, n'kutulutsa mayina a ana, masiku awo obadwa ndi mafoni a makolo. Mankhwala ake si kuletsa kachizindikiroko ayi. Funso lilembedwe ndi malo osungidwa, dzina lizitumizidwa padera:

```sql
SELECT nambala, dzina FROM ophunzira WHERE dzina_la_banja = ?;
```

Pamalo pa `?` detabesi imalandira chilichonse ngati dzina chabe, osati lamulo. Zinenero zimene mawebusayiti amalembedwera, monga PHP ndi Python, zili ndi njira imeneyi kale, ndipo sifuna kugula kanthu.

Asanalowetse ana enieni, wokonza wanzeru amayesa matebulo ake ndi ana asanu ongopeka amene anawasankhira kuvuta: awiri a dzina limodzi, mmodzi wobwereza kalasi, mmodzi wa dzina la Ng'oma amene walipira katatu, ndi mmodzi amene sanalipire kalikonse. Zotsala za aliyense amayamba waziwerengera pa pepala, kenako n'kuyerekeza ndi zimene kompyuta yatulutsa. Zikagwirizana, chotsatira ndi kusamutsa ngongole zakale za m'kaundula, iliyonse ngati mzere wa fizi pa chaka ndi teremu yake, abasala atakhala pomwepo ndi mabuku a marisiti kuti atsimikize mwana mmodzimmodzi.